Chimanga changa chinachita chikasu ndi pepo, ndinaphunzira kuyang'ana tsamba ndisanagule feteleza

Ine ndimakhala ku Chinamwali koma munda ndimalima kumudzi kwathu mbali ya ku Jali, munda wa ekala imodzi womwe mayi anga anandigawira. Ndikulemba izi chifukwa chaka chilichonse ikafika Januwale anthu amayamba kutumizirana zithunzi za chimanga chachikasu pa foni nkumafunsa kuti ndithire chani, ndipo yankho limakhala limodzi lomwelo, thirani yureya. Nanenso ndinkayankha choncho mpaka ndinataya theka la thumba pamalo pomwe yureya sakanathandiza olo pang'ono.

Munda wathuwo ndi wopendekeka. Kumtunda kuli dothi la mchenga lopyapyala, pakati pali katondo wofiira uja, nde kumunsi kumakathera kudambo komwe dothi lake ndi lakuda lomata. Chaka chomwe ndikunenachi mvula inachedwa kwambiri, tinadzala Disembala wa 2021 akupita kumapeto, mizere yotalikirana masentimita 75, mbewu imodzi imodzi pa phando masentimita 25 aliwonse, ija timati Sasakawa. Ndalama inali yovuta nde ndinapanga chiganizo chomwe anthu ambiri amapanga, ndinati wokulitsa ndimusiya, ndingogula wobereketsa basi poti ndi amene amaoneka mphamvu yake msanga. Ndinagula thumba limodzi la yureya la makilogalamu 50. Theka ndinathira chimanga chili ndi masabata atatu, theka ndinasunga.

Patangopita masiku ochepa kunabwera namondwe Ana uja, kumapeto kwa Januwale 2022. Amene muli ku Zomba mukukumbukira mmene inagwera mvula ija, usiku ndi usana osadukiza. Njira itayamba kupitika ndinakwera kabaza kukaona munda, ndipo ndinapeza chimanga chasintha mtundu munda wonse. Kumtunda chachikasu. Kumunsi chachikasu komanso chofupika, masamba ake m'mbali ali pepo, pena pofiirira ngati khungu la mbatata yofiira ija. Mtima unandiwawa kwambiri chifukwa ufa wa chaka chonse wa ine ndi ana komanso mayi timadalira pamenepo. Ndinangoti feteleza yense wakokoloka, nde ndinatenga theka lotsala lija nkuthira, ndipo poti kumunsi ndi komwe kumaoneka kodwala kwambiri ndinayambira konko, wambiri anathera kumeneko, kumtunda kunangofika mizere yowerengeka.

Sabata ndi theka itadutsa, mizere yochepa ya kumtunda ija inabiriwira bwinobwino, moti munthu umatha kuona uli kumsewu kuti apa ndi pomwe feteleza anathera. Koma kumunsi komwe ndinakhuthulira wambiri kunali chimodzimodzi, mwinanso kuipirapo. Apa mpamene ndinapita kukapeza alangizi a zaulimi a dera lathu, mayi wina wachikulire ndithu, ndipo anavomera kubwera m'mawa wina pa njinga yawo.

Chomwe chinandidabwitsa nchakuti sanayambe ndi kundifunsa za feteleza. Anaima pa chimanga chimodzi cha kumtunda, pa mizere yomwe sinalandire yureya wachiwiri, nkuti, "Mayi, tandiuzani, masamba achikasuwa ndi ati, apansi kapena apamwamba?" Ine ndinati onse. Anati ayi taonaninso bwino. Nditawerama ndinaona kuti zoonadi, masamba atatu apansi ndi amene anali achikasu kwenikweni, apakati anali obiriwira motuwa, ndipo a kunsonga ongotuluka kumene anali obiriwirako. Anathyola tsamba limodzi lapansi nkulitambasula pa dzanja. Chikasu chinayambira kunsonga ya tsamba nkumatsika motsata msana wa tsamba uja wapakati, chikumka chisongoka ngati mutu wa mkondo woloza ku phesi, kapena tinene ngati chilembo cha V, pomwe m'mbali monse mwa tsamba munali mukadali mobiriwira. Kunsonga kwenikweni kunali kutayamba kuuma.

Anati iyi ndi njala ya nayitirojeni, ndipo anandifotokozera chifukwa chake imayambira pansi, zomwe zinandikhala m'mutu mpaka lero. Chakudya china cha mbewu chimatha kusamuka mkati mwa chomera. Nayitirojeni akachepa m'nthaka, chimanga chimachotsa yemwe ali m'masamba akale nkupititsa ku masamba atsopano, ngati mmene zimakhalira pakhomo ufa ukachepa, akulu ndi amene amayamba kugona ndi njala kuti ana adye. Nde tsamba lakale limayamba kufooka. Fosifolasi, potashi ndi maginiziyamu nazonso zimasamuka chonchi, choncho njala yake imaonekera pansi poyamba. Koma salufa ndi zinki sizisamuka mophweka, zikalowa mu tsamba zakhala momwemo, nde zikachepa amene amavutika ndi masamba atsopano a pamwamba chifukwa akale sangawagawire. Ndiye funso loyamba nthawi zonse ndi lomwelo, pansi kapena pamwamba.

Kumtunda nkhani inali yosavuta. Dothi la mchenga siligwira nayitirojeni, mvula yambiri ikagwa amatsika ndi madzi kupitirira pomwe mizu ikufika. Mizu inali yamoyo, yoyera, imangosowa chakudya, nchifukwa chake mizere yomwe inalandira yureya inayankha msanga. Anandionetsanso kanthu kena, kuti masamba akale omwe anachita chikasu aja sanabwerere, anakhalabe choncho mpaka kuuma, chomwe chinabiriwira ndi masamba apakati ndi atsopano. Nde mukathira feteleza musamayang'ane tsamba lodwala lija kuti lichire, muziyang'ana omwe akutuluka.

Titatsikira kumunsi anapempha khasu. Anakumba phando limodzi mozungulira nkuzula chimanga ndi dothi lake lomwe. Dzenjelo linayamba kudzaza madzi tikuona, pamene mvula inali itadula masiku atatu. Anatsuka mizu mu madzi omwewo nkundipatsa kuti ndione. Inali yochepa, yaifupi, yabulauni, ina yoterera ikungosupuka ndi chala, ndipo dothilo limanunkha ngati matope a m'chithaphwi. Anazulanso china kumtunda kuti ndifanizire, mizu yake yoyera, yambiri, yotalika. Anati, "Mayi, apa vuto si kuti m'nthaka mulibe chakudya ayi. Chomera ichi chilibe pakamwa podyera." Mizu imapuma mpweya, madzi akakhazikika masiku angapo mpweya umatha m'dothi, mizu imasiya kugwira ntchito kenako nkuyamba kuola. Komanso m'dothi la lowe chonchi nayitirojeni amathawa ngati mpweya. Ndiye yureya wanga yense uja anapita pachabe.

Za pepo uja anafotokoza motere. Mtundu umenewu umabwera shuga akaunjikana mu tsamba. Tsamba limapanga shuga dzuwa likawala, ndipo kuti shugayo ayende kukamanga mizu ndi phesi pamafunika fosifolasi. Fosifolasi akachepa mu chomera shuga amatsakamira m'masamba nde chomera chimapanga utoto wofiirira uja, kuyambira m'mphepete ndi kunsonga kwa masamba apansi, makamaka chimanga chikadali chaching'ono chisanafike m'mawondo. Tsamba lake kwinako limakhala lobiriwira moderapo, chomera chofupika, phesi lowonda. Mpaka apa ndi zomwe ambiri amadziwa, kuti pepo ndi fosifolasi. Koma chomwe ambiri sadziwa nchakuti fosifolasi sayenda m'dothi ngati nayitirojeni, amakhala pomwe ali, mizu ndi imene imayenera kumufikira. Nde chilichonse chomwe chalepheretsa mizu kukula chimabweretsa pepo ngakhale m'nthaka muli fosifolasi wokwanira, kaya ndi madzi okhazikika, kaya ndi kuzizira, kaya dothi lolimba pansi pa mzere lija limabwera chifukwa cholima malo amodzimodzi zaka zambiri khasu likufika pomwepomwepo, kaya mbozi zoyera za m'nthaka kapena chiswe zadya mizu.

Kwa ine zinali ziwiri pamodzi, madzi komanso sindinathire wokulitsa. Umboni wake unali pakati pa munda pa katondo, pomwe madzi sanakhazikike koma panali zomera zina za pepo apa ndi apo. Anati dothi lofiira ngati limeneli nthawi zambiri limakhala lowawasa ndipo limamanga fosifolasi kuti mizu isamupeze mosavuta, nchifukwa chake kudumpha wokulitsa pa katondo kumaonekera msanga.

Ndinafunsa ngati ndingagule NPK, wokulitsa uja, nkuthira pompo. Anati kumunsi ayi, musatayenso ndalama, yambani mwatsegula ngalande madzi achoke, mubandire mizere ikwere, mudikire dothi lipume. Ndipo anandiuza mosabisa kuti fosifolasi ntchito yake yaikulu ndi kumayambiriro, pomera, ukamuthira chimanga chili ndi masabata asanu kapena kuposa phindu lake ndi lochepa, nkhani ya fosifolasi imakonzedwa chaka chamawa osati chino. Tinakumba ngalande ndi mchimwene wanga tsiku lomwelo. Patapita masabata awiri masamba atsopano kumunsi anatuluka opanda pepo, popanda kuthira chilichonse, kungoti chimangacho chinali chitapinimbira kale, chinabereka tizitsononkho tating'ono. Kumtunda ndinakongola ndalama nkugula yureya woyeza pa msika nkumaliza mizere yotsala, kumeneko nkomwe tinapezako chakudya chaka chimenecho.

Pang'ono ndipatuke. Pepo yemweyu ndinadzamuonanso pa nazale ya tomato kudimba mwezi wa Juni, kunsi kwa masamba ndi timitengo take tonse pepo. Mukudziwa mmene kumazizirira ku Zomba nthawi imeneyo. Mayi anga anati asiye, kukafunda asintha, amatero chaka chilichonse. Ndipo anasinthadi. Kuzizira kumachedwetsa mizu, basi. Komanso pali mbewu zina, makamaka chimanga cha makolo, zomwe phesi ndi makoko ake amakhala ofiirira mwachibadwa. Ngati chomera ndi chachitali, chonenepa, chikukula bwino koma chili ndi kamtundu kofiirira, musachite nacho mantha. Pepo wodetsa nkhawa ndi amene amabwera limodzi ndi kupinimbira. Palinso pepo wina wa kumapeto, chimanga chitamasula kale, umapeza phesi limodzi pakati pa anzake lafiira lonse masamba ndi phesi lomwe. Ukaliyang'ana nthawi zambiri lilibe chitsononkho, kapena kapuchi waboola phesi. Shuga wasowa kopita. Pamenepo feteleza sakukhudzidwa.

Chaka chotsatira ndi chomwe chinandiphunzitsa mbali yachiwiri, ya masamba apamwamba. Ndinagula NPK koma sanakwane munda wonse, mizere ina ya kumtunda kumchenga inatsala, ndipo ndinati imeneyo idzangolandira yureya. Inalandiradi, chimanga chili ndi masabata atatu, dothi lili lonyowa bwino, ndinabaya dzenje pafupifupi masentimita 10 kuchoka pa phesi nkukwirira. Koma patapita masiku khumi mizere imeneyi inali yotuwabe pomwe ina yonse inali bii. Kale ndikanangoti yureya wachepa ndiwonjezere. Ulendo uno ndinawerama kaye. Masamba apansi anali obiriwira ndithu, opanda V uja. Achikasu anali a pamwamba, ongotuluka mu nsonga, chikasu chake chofewa chofanana tsamba lonse, ena ali ndi timizere totuwa pakati pa mitsempha kuyambira pansi mpaka kunsonga. Ndinakumba phando limodzi, mizu yoyera bwinobwino, madzi palibe, mbozi palibe.

Ndinaganizira salufa, chifukwa zonse zimagwirizana. Ndi masamba atsopano, ndi dothi la mchenga lopanda manyowa lomwe takhala tikuotcha mapesi zaka zambiri, ndipo ndi mizere yokhayo yomwe sinalandire NPK. Anthu ambiri sitiwerenga manambala a pa thumba koma nkhani yonse ili pamenepo. Thumba la wokulitsa lomwe likupezeka masiku ano limalembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, kutanthauza kuti pa makilogalamu 100 aliwonse, 23 ndi nayitirojeni, 10 ndi fosifeti, 5 ndi potashi, 6 ndi salufa, ndipo 1 ndi zinki. Lakale lija ambiri timalitcha chitowe linali 23:21:0+4S, fosifeti wambiri koma potashi ndi zinki mulibe. Pomwe yureya ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 pa 100, mulibe china chilichonse. Nde chomera chikasowa salufa, olo mutachithirira yureya thumba lonse sichibiriwira, chifukwa chomwe chikusowacho mulibe mmenemo.

Koma kuganizira si kudziwa, ndipo apa mpomwe alangizi aja anandiphunzitsa chinthu chomwe ndimachikonda kuposa zonse, kufunsa munda womwewo. Mmalo mogula thumba, mumasankha mizere yochepa pakati pa malo odwalawo nkuyesa. Ine ndinatenga mizere isanu ndi umodzi yoyandikana, uliwonse wotalika mamita 20, ndiye kuti mapando 80 pa mzere. Iwiri ndinathira yureya, iwiri ndinathira NPK, iwiri ndinaisiya osathira kanthu, ndipo ndinazika timitengo tomanga nsanza kuti ndisasokoneze. Muyezo wake ndi kachitsekero ka botolo la Fanta pa phando. Ngati mukufuna masamu ake, ekala imodzi ya Sasakawa imakhala ndi mapando pafupifupi 21,000, thumba la makilogalamu 50 mukaligawa pamenepo phando lililonse limapeza magalamu awiri ndi pang'ono. Ndiye mzere wa mapando 80 umadya magalamu osapitirira 200, mizere iwiri sifika ndi theka la kilo lomwe. Ndi feteleza woti mutha kupempha kwa neba kapena kugula woyeza pa Jali.

Mizere yosathira kanthu ija musaidumphe, ndi yofunika kwambiri. Nthawi zina chimanga chimachira chokha dzuwa likawala kapena mizu ikafika pansi pomwe pali chakudya, nde popanda mizere yofanizira mutha kuyamikira feteleza pa ntchito yomwe sanagwire.

Patatha masiku ngati khumi ndinapita kukaona. Ya NPK masamba atsopano anatuluka obiriwira, ya yureya inali yotuwabe chimodzimodzi ndi yosathira ija. Apa ndinatsimikiza kuti vuto silinali nayitirojeni. Ndinena chilungamo, kuyesa kumeneku sikunandiuze motsimikiza kuti ndi salufa, chifukwa mu NPK muja mulinso zinki ndi zina, ndipo njala ya zinki nayonso imagwira masamba apamwamba. Kusiyana kwake, zinki amapanga chimzere chachikulu choyererako mbali iyi ndi iyi ya msana wa tsamba, kuyambira kutsinde kwa tsamba chakuphesi, msana ndi m'mphepete zili zobiriwira, ndipo chomera chimafupika mfundo zake nkuyandikana. Zanga sizinali choncho, nchifukwa chake ndimakhulupirira kuti anali salufa. Koma pa zomwe ndimafuna kudziwa, zoti ndigule chani, yankho ndinalipeza. Ndinagula NPK wokwana mizere yotsalayo basi. Amene akufuna kudziwa zenizeni za dothi lake, makamaka ngati ndi munda waukulu kapena vuto likubwera chaka ndi chaka, njira ndi kuyezetsa dothi, ku Bvumbwe ndi ku Chitedze amayeza, ndipo alangizi amadziwa katengedwe kake ka dothilo.

Njala ya potashi sindinaionepo m'munda mwanga koma ndinaiona kwa neba, nde ndingoitchula mwachidule chifukwa imasokonezeka ndi ya nayitirojeni. Zonse zimayambira masamba apansi, zonse zimayambira kunsonga ya tsamba. Koma ya nayitirojeni imatsika pakati, ya potashi imatsika m'mphepete, tsamba limaoneka ngati lawauka ndi moto m'mbali monse pakati pali pobiriwira. Ineyo ndimangokumbukira kuti pakati ndi yureya, m'mbali si yureya. Chimanga chosowa potashi chimakondanso kugwa chifukwa phesi limakhala lofooka. Phulusa la kukhitchini lili ndi potashi ndipo limachepetsako kuwawasa kwa dothi, ife timalisunga nkukamwaza pokonza mizere, kungoti musalisakanize ndi yureya dzenje limodzi, limathawitsa nayitirojeni.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimanamiza anthu kwambiri kuno kwathu ndipo si njala ya feteleza konse. Choyamba ndi kaufiti. Amayamba kuyamwa mizu ya chimanga ali pansi pa nthaka asanatulukire, nde iwe umangoona chimanga chapinimbira, chachikasu, chikufota ngati kuli ng'amba pomwe dothi lili lonyowa. Timaluwa take tofiira timadzaoneka mochedwa zinthu zitaonongeka kale. Ngati malo omwewo munali kaufiti chaka chatha, mukayikireni iyeyo poyamba, ndipo mukakumba mosamala mutha kupeza timphukira toyera tomatirira ku mizu ya chimanga. Amakonda dothi loguga, nde nthawi zambiri amapezeka limodzi ndi njala ya nayitirojeni, ndipo muzimuzula asanachite maluwa chifukwa njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri. Chachiwiri ndi matenda a mikwingwirima pa masamba, omwe amafalitsidwa ndi tizilombo tating'ono todumpha. Timizere take ndi topyapyala, toduka-duka, tachikasu kapena toyera, tili mbwee tsamba lonse motsata mitsempha. Chozindikirira chachikulu nchakuti amagwira chomera ichi nkusiya choyandikana nacho, uku chimodzi uko ziwiri. Njala ya m'nthaka siyenda choncho, imagwira chigawo, imatsata dothi, kumchenga konse kapena kumunsi konse kapena mizere yomwe inadumphidwa pothira. Nde musanathyole tsamba, imani kaye kumapeto kwa munda muone kuti chikasucho chagona bwanji. Chomera cha matenda amenewa feteleza sangachichize.

Chinanso, osamachita mantha ndi tsamba limodzi kapena awiri apansi penipeni, aja oyamba kumera. Amenewo amauma okha chimanga chikamakula. Chimodzimodzi chimanga chikamakhwima masamba apansi amayamba kuuma, ndi nthawi yake. Chodetsa nkhawa ndi pamene V uja akukwera tsamba ndi tsamba chimanga chisanamasule, kufika masamba anayi kapena asanu, kuyandikira pomwe padzatuluke chitsononkho. Ndipo nthawi ndi yofunika, yureya amathandiza kwambiri kuyambira chimanga chili m'mawondo mpaka chisanatulutse ngayaye. Ngayaye zikatuluka ndevu nkuyamba kuuma, phindu lake ndi lochepa kwambiri, bola kumusunga thumba lomanga bwino pamalo ouma. Musathirenso pa dothi louma gwa kapena kungomwaza pamwamba osakwirira, amauluka, ndipo akakhudza phesi kapena kugwera mu nsonga amawaula masamba, kenako nkumaganiza kuti kwabwera matenda ena.

Panopa ndikafika kumunda nthawi ya Januwale ndimayenda ndi khasu ndi kabotolo ka madzi otsukira mizu, ndipo ndimapita m'mawa chifukwa dzuwa la masana limapangitsa masamba onse kuoneka otuwa. Ndimaona kaye munda wonse ndili patali, kenako ndimawerama pa chomera chodwala ndi china chabwino chapafupi, pansi kapena pamwamba, pakati kapena m'mphepete, nde nkukumba. Anthu akanditumizira chithunzi cha tsamba limodzi lothyola ndimawapempha ajambulenso chomera chonse chili chiimire komanso mizu yake, ndi kundiuza zomwe anathira ndi tsiku lake, chifukwa tsamba lothyola silinena kuti linali pansi kapena pamwamba.

Kumunsi kudambo kuja ndinasiya kudzalako chimanga cha dzinja. Mayi anga anali atandiuza kale kuti agogo ankadzalako mpunga, chimanga ankadzala mvula ikatha madzi ataphwa, ine ndi amene ndinaumirira. Pano ndikumadzalako mpunga mizere ya kumapeto, ndipo pamwamba pake pali ngalande yomwe timaikonza Okutobala aliyense mvula isanayambe. Kumchenga tinasiya kuotcha mapesi, timawakwirira mu mizere pamodzi ndi masamba a nandolo yemwe timadzala pakati pa chimanga, ndi manyowa a mbuzi a ku khola la mayi. Ndalama ikachepa sindidumphanso wokulitsa, ndimagula theka la wokulitsa ndi theka la wobereketsa nkuthira mokwanira pa theka la munda, theka linalo ndimadzala mtedza ndi nandolo.